Mmene selo limapangira puloteni popanda kusokoneza ma amino asidi

Mkati mwa mafupa a munthu wamkulu mumabadwa maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Selo lililonse lisanakhwime limayenera kudzidzaza ndi himogulobini, puloteni yonyamula mpweya wabwino, chifukwa likangokhwima silipanganso puloteni ina. Himogulobini ili ndi timaunyolo tinayi, ndipo tiwiri mwa ito, totchedwa beta, tili ndi ma amino asidi 146 kalikonse. Onsewa ayenera kukhala pa malo awo enieni. Odwala sikoselo amadziwa kuwawa kwa amino asidi mmodzi yekha wosinthika, wa pa malo a chisanu ndi chimodzi.

Malangizo opangira kaunyoloka amabwera pa chingwe cha mRNA, chokopedwa ku DNA. Chingwecho chimawerengedwa zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimatchedwa kodoni. Cha beta chimayamba motere: AUG, GUG, kenako makodoni a histidini, lusini ndi thireonini. Wowerenga ndi raibosomu, yomwe ili ndi zigawo ziwiri, chaching'ono ndi chachikulu. Wobweretsa ma amino asidi ndi tRNA, kachingwe kopindika kamene kumapeto kwina kamanyamula amino asidi, kwinaku kali ndi zilembo zitatu zolumikizana ndi kodoni.

Ntchito imayamba ndi chigawo chaching'ono. Chimatenga tRNA yapadera yonyamula methiyonini, nkugwira kumutu kwa mRNA, nkumatsetsereka mpaka chipeze AUG woyamba. Pamenepo chimaima, chigawo chachikulu chimabwera kudzavindikira, raibosomu yakwana. Kuima pa malo oyenera nkofunika kwambiri, pakuti kuphonya ndi chilembo chimodzi kumasokoneza makodoni onse otsatira. Methiyonini woyambayu pa kaunyolo ka beta amadulidwa pambuyo pake, nchifukwa chake akatswiri amayamba kuwerenga pa valini, amino asidi wa GUG.

Raibosomu ili ndi malo atatu, A, P ndi E. tRNA yatsopano imalowa pa A. Zilembo zake zikagwirizana ndi kodoni, imalandiridwa. Zikapanda kutero imagwa, ina nkuyesa. Kaunyolo kamene kali pa tRNA ya pa P kamasamutsidwa nkulumikizidwa ku amino asidi watsopanoyo, kenako raibosomu imasuntha zilembo zitatu ndendende. tRNA yomwe yatula katundu imatulukira pa E. M'maselo a munthu izi zimabwerezedwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi, choncho kaunyolo ka beta kamatha mphindi isanakwane.

Mathero ake ndi kodoni UAA, umodzi mwa itatu yoimitsa ntchito pamodzi ndi UAG ndi UGA. Palibe tRNA yogwirizana nayo. M'malo mwake pamalowa puloteni yomasula, imene imachititsa kuti madzi adule kaunyoloko ku tRNA yomaliza, zigawo za raibosomu nkulekana. Chizindikiro choimitsachi chikawonongeka raibosomu imangopitirira. Pali mtundu wa himogulobini wotchedwa Constant Spring, dzina la dera lina ku Jamaica, umene UAA wa kaunyolo ka alufa adasanduka CAA. Kaunyoloko kamatuluka ndi ma amino asidi 172 m'malo mwa 141, kamapangidwa kochepa kwambiri, ndipo mwini wake akhoza kuvutika ndi kuchepa kwa magazi.

Koma m'zonsezi muli chinthu chimodzi chodabwitsa, chimene mabuku ambiri a kusukulu amangochidutsa. Raibosomu imayang'anitsitsa zilembo za tRNA, koma katundu amene tRNA yanyamula siyimufufuza.

Umboni wake udapezeka mu 1962. François Chapeville ndi anzake adatenga tRNA yonyamula sisitini, nagwiritsa ntchito chitsulo cha nikelo kuchotsa salifa pa sisitiniyo ili chikhalire pa tRNA. Sisitini wopanda salifa amasanduka alanini. Raibosomu idalandira tRNA imeneyi mosakayika, nkuika alanini pamene malangizo ankafuna sisitini. Tanthauzo lake nlakuti kulondola kwa puloteni kumagamulidwa raibosomu isanayambe nkomwe ntchito, pamene amino asidi akumangiriridwa ku tRNA.

Omangirirawo ndi ma enzaimu otchedwa aminoasilo-tRNA sinthetezi, ndipo m'maselo athu amino asidi aliyense mwa 20 ali ndi wake. Enzaimu imagwira ntchito kawiri. Poyamba imalumikiza amino asidi ndi ATP, nkhokwe ya mphamvu ya selo, kuti akhale wokonzeka kumamatira. Kenako imamusamutsira kumapeto kwa tRNA, pamene nthawi zonse pali zilembo CCA. Kuzindikira tRNA yoyenera sikuvuta kwenikweni, popeza tRNA ndi yaikulu ndipo ili ndi zizindikiro zambiri. Vuto lili pa ma amino asidi, amene ndi ang'onoang'ono ndipo ena amafanana kwambiri.

Aisolusini ndi valini ndiye chitsanzo chotchuka. Amasiyana ndi kachidutswa kamodzi kokha, kaboni mmodzi ndi mahaidirojeni awiri, ndipo valini ndiye wocheperapo. Linus Pauling adachenjeza m'zaka za m'ma 1950 kuti kusiyana kochepa chotere sikungakwanire kuti enzaimu isankhe bwino. Ankanena zoona mbali ina: pa gawo loyamba lija, enzaimu ya aisolusini imagwira valini molakwika pafupifupi kamodzi pa maulendo 200 alionse. Komabe poyeza mapuloteni omalizidwa, valini amapezeka pa malo a aisolusini pafupifupi kamodzi kokha pa 3,000. Pali chimene chimakonza zolakwazo pakatipo.

Alan Fersht, m'zaka za m'ma 1970, adafotokoza kuti enzaimuyi ili ngati masefa awiri a ufa, yoyamba ya mabowo aakulu, yachiwiri ya mabowo ang'ono. Malo oyamba, omangirira, amakana amino asidi aliyense wamkulu kuposa aisolusini, koma valini amalowa chifukwa ndi wochepa. Malo achiwiri, odulira, ndi opapatiza: aisolusini sakwanamo, choncho amadutsa bwinobwino, pomwe valini amakwanamo ndipo amadulidwa nkutayidwa. Nzeru yake ndi yakuti cholondola chimapulumuka chifukwa cholephera kulowa. Selo limataya ATP pa kukonza kulikonse, koma mtengowo ndi wochepa poyerekeza ndi puloteni yopindika molakwika.

Himogulobini ya munthu wamkulu ilibe aisolusini ngakhale mmodzi, nchifukwa chake kachilombo ka malungo, kamene kamadya himogulobini, kamayenera kutenga aisolusini m'madzi a m'magazi. Koma kaunyolo ka beta kali ndi mayeso ake. Valini wa pa malo oyamba ndi thireonini wa pa malo achinayi ndi ofanana kukula, moti kukula sikungawasiyanitse. Apa enzaimu ya valini imadalira khalidwe: thireonini ali ndi kachidutswa kokonda madzi, ndipo malo odulira amakoka kachidutswa kameneka, valini nkusiyidwa.

Kukonzaku kukafooka, zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Mu 2006 gulu la Susan Ackerman ku Jackson Laboratory, m'dziko la Amereka, lidafotokoza za mbewa za ubweya wonyankhalala zimene zinkayenda modzandira zikamakula. Enzaimu yake ya alanini inali ndi chilema pa malo odulira, choncho nthawi zina inkalekerera serini. Mapuloteni opindika molakwika ankaunjikana, ndipo maselo a mbali ya ubongo yoyendetsa thupi ankafa pang'onopang'ono.

Madokotala nawo amapezerapo mwayi pa ma enzaimu amenewa, chifukwa a mabakiteriya amasiyana kapangidwe ndi athu. Mankhwala opaka a mupirosini, operekedwa pa zilonda za pakhungu, amakatseka malo amene aisolusini amalowa mu enzaimu ya bakiteriya. tRNA za aisolusini zimakhala zopanda katundu, raibosomu imaima ikafika pa kodoni yake, ndipo bakiteriyayo amaleka kukula pomwe maselo a wodwalayo akupitiriza kupanga mapuloteni awo.