Chilonda cha Pakakolo Chimapola ndi Bandeji

Amayi anzanga, alipo pakati pathu amene akhala chaka chathunthu akubisa chilonda cha pakakolo m'kati mwa chitenje. Apaka mankhwala amitundumitundu, koma chilonda chingotuluka madzi. Kawirikawiri gwero la vutoli silikhala pakhungu ayi, likhala m'mitsempha yobwezera magazi kumtima.

M'mitsempha imeneyi muli titseko ting'onoting'ono totsekera magazi kuti asabwerere pansi. Poyenda, katumba amafinya mitsempha ndi kukankhira magazi m'mwamba. Koma titsekoti timafooka chifukwa cha mimba zambiri, kuimirira tsiku lonse, kunenepa, ukalamba, kapena ngati magazi anaundanapo m'mwendomo. Zikatero magazi amadikha kumunsi, mwendo nutupa madzulo, khungu nkuda, kuuma ndi kuyabwa. Pamenepo ngakhale kachitsotso kokha kangatsegule chilonda.

Chilonda chotere chimakonda kukhala pamwamba pang'ono pa kakolo, mbali ya m'kati. Sichikhala chakuya, chimanyowa, ndipo ululu umachepa mukakweza mwendo. Koma chilipo china chobwera chifukwa chotsekeka mitsempha yobweretsa magazi kuphazi. Chimenecho chimakhala chakuya, makamaka kuzala kapena kuchidendene, phazi limazizira, ndipo ululu umakula mukalikweza. Kumanga mwendo wotere mothina kungaphe phazi. Nchifukwa chake muyambe mwapita kuchipatala kuti akamve kugunda kwa magazi paphazi ndi kuyeza shuga.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wogulitsa tomato pamsika, amene chilonda chake ndi cha masentimita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Anamwino atsuka mwendo ndi madzi aukhondo ofunda, naumitsa khungu lozungulira ndi kulipaka vaselini. Pachilonda aika kansalu kamafuta kosamatirira, kuti posintha mnofu watsopano usasendeke, ndipo pamwamba aika thonje lomwa madzi. Kenaka akulunga mwendo wonse ndi thonje lofewa loteteza fupa la kakolo ndi msongolo.

Tsopano nayi ntchito yeniyeni. Phazi likhale lopindika monga munthu waima. Bandeji yotamuka iyambire m'munsi mwa zala, ikute chidendene, nikwere mpaka kunsi kwa bondo, ndipo kuzungulira kulikonse kuphimbe theka la kuzungulira koyamba. Imagwira kwambiri pakakolo ndi kupepuka pokwera, motero imakankhira magazi m'mwamba monga akanachitira mitsempha yabwino. Kumanga pachilonda pokha nkulakwa, pakuti phazi limatupa kunsi kwake.

Poyamba madzi amachuluka, choncho mayiyu asinthidwa kawiri kapena katatu pamlungu. Kutupa kukachepa, kamodzi pamlungu. Iye ayende tsiku lililonse bandeji ili pamwendo, ndipo pamsika azinyamula zidendene ndi kuzitsitsa. Katatu patsiku agone pamphasa kwa mphindi 30, mapazi atasanjika pamitsamiro kuposa pamene pali mtima. Kukhala pampando miyendo ili lende kumabweza ntchito m'mbuyo.

Pakatha milungu 4 anamwino ayezanso. Ngati chilonda chafika masentimita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi, mnofu uli wofiira, ndiye kuti njira yagwira. Zilonda zambiri zomangidwa bwino zimapola m'miyezi 3 mpaka 6. Chimene sichikusintha pakatha miyezi 3 akachione dokotala, pakuti matenda ena, ngakhale khansa ya pakhungu, amaoneka chimodzimodzi.

Masulani bandeji nthawi yomweyo ndi kupita kuchipatala ngati zala zachita dzanzi, zazizira kapena zasintha mtundu, kapenanso ululu ukukulirakulira. Thamangiraninso komweko thupi likatentha, mwendo ukatentha ndi kutupa mwadzidzidzi, kapena mafinya onunkha akachuluka. Apo mpamene pafunika mankhwala opha tizilombo. Popanda zizindikirozi makapisozi sapoletsa chilonda. Musathiremo phulusa, makapisozi otsegula kapena sipiriti, chifukwa zimaononga mnofu umene ukumera.

Chilonda chikatseka, mitsempha ija imakhala ikadali yofooka, ndipo ambiri chimawabwerera chifukwa chosiya kumanga. Pafunika masokosi othina a kuchipatala ofika kunsi kwa bondo, oyezedwa pamwendo wanu. Muziwavala m'mawa musanatsike pabedi, mwendo usanatupe, ndi kuwavula pogona, kenaka nkudzola mafuta. Mukhale ndi awiri osinthanitsa, ndipo pakatha miyezi 6 mupeze atsopano, popeza amatha mphamvu. Kumene masokosi sapezeka, pemphani anamwino akuphunzitseni kumanga bandeji nokha. Funsaninso dokotala ngati mtsempha wofookawo ungatsekedwe ndi opaleshoni, pakuti kutero kumachepetsa kubwerera kwa chilonda.

Pomaliza, amayi, popita kumunda kapena kunkhuni phimbani chipsera chija. Mukakandika pamenepo ndipo pakatha milungu iwiri posauma, musadikire kuti pakule.