Minecraft ya Mamodi Ambiri Imafuna Ramu Yochuluka Bwanji?

Minecraft, masewero omanga ndi timabuloko omwe kampani ya Mojang ya ku Sweden idatulutsa mokwanira mu 2011, imayenda bwinobwino ikakhala yokha. Mavuto amayamba munthu akaikamo mamodi, timapulogalamu towonjezera makina, nyama ndi maiko atsopano. Mtundu wa Java Edition sugwiritsa ntchito ramu yonse ya mu kompyuta. Java imaiikira malire, ndipo kwa zaka zambiri malirewo anali magigabaiti 2 basi.

Titenge laputopu ya magigabaiti 16 yomwe mwaikamo mamodi 200. Pa magigabaiti 2, masewerowa amatha kufera pakhomo, asanatseguke n'komwe, n'kusiya uthenga wakuti `java.lang.OutOfMemoryError`. Kuti mukweze malire, pitani pa Installations, sankhani Edit, kenako More Options. Pa mzere wa JVM Arguments sinthani nambala ya pa `-Xmx` kuti ikhale:

```
-Xmx6G
```

Zina zonse za pamzerewo zisiyeni momwe zilili.

Ambiri amafunsa kuti, bwanji osangopereka 14? Apa ndi pomwe amalakwira. Windows imafuna gawo lake, ndipo Java yomweyo imadyanso ramu ina kunja kwa malire mwaikawo. Ramu ikatha, kompyuta imayamba kusungiza zinthu pa disiki, yomwe ndi yochedwa kwambiri, ndiye zonse zimangokwawa.

Chifukwa china ndi kasesedwe ka Java. Masewero akamayenda, amasiya zinyalala m'ramu, ndipo Java imazisesa nthawi ndi nthawi. Malo akachepa, imasesa kosalekeza, chithunzi n'kumadukaduka. Akakula mopitirira, zinyalala zimatha kuunjikana, ndipo ikafika nthawi yosesa zonse, masewero amaima kaye ngakhale muli pakati pa nkhondo. N'chimodzimodzi kusesa bwalo lalikulu kamodzi pa sabata: tsikulo ntchito zina zimadikira.

Musachite kulota nambala yoyenera. Lowani m'masewero, dinani F3, muyang'ane mzere wa Mem kumtunda chakumanja. Mudzaona maperesenti akukwera, kenako n'kutsika mwadzidzidzi. Kutsikako ndiko kusesa. Chofunika ndi pomwe akufika akatsika. Yendani kaye kwa mphindi 20, makamaka kumalo komwe simudafikeko, poti kumeneko ndiko kumadya ramu kwambiri. Ngati akutsikira cha m'ma 50 kapena 60, magigabaiti 6 akwana. Ngati akukakamira pamwamba pa 90, wonjezerani gigabaiti imodzi, muyesenso. Ine pa laputopu yotereyi sindingadutse 8 pokhapokha omwe adasonkhanitsa mamodiwo atanena kuti pakufunika yoposa apo.

Java yanu ikhale ya mabiti 64, chifukwa ya mabiti 32 siingalandire magigabaiti 6. Ndipo ngati Mem ili bwino koma chithunzi chikuchedwabe, vuto si ramu ayi. Chepetsani Render Distance, kapena chotsani mamodi olemera omwe simukuwagwiritsa ntchito.