Chibwenzi chatha, zithunzi zikadali pa Facebook

Zithunzi zimene iye anaika pa tsamba lake, inu simungazifufute. Mungangochotsapo dzina lanu ndi "Remove tag", koma chithunzicho chimatsala. N'chifukwa chake pamafunika uthenga, ndipo ukhale waufupi: tchulani zithunzizo, nenani tsiku. Mwachitsanzo: "Achimwene, chonde chotsani zithunzi zathu zakunyanja zija ndi za pachinkhoswe lisanafike Lamlungu. Zanga ndachotsa kale."

Mawu otsirizawo ndi amene amafewetsa mtima. Milandu yakale isalowemo, chifukwa mukaiputa, adzayankha mlanduwo n'kusiya zithunzi. Akakana kufufutiratu, m'pempheni azibise: pa Instagram pali "Archive", pa Facebook "Only me". Koma ngati akuopseza ndi zithunzi zamaliseche, musachondererenso. Sungani mauthengawo mukanene kupolisi.