Nkhani Yovuta Musaiyambe ndi Uthenga Wapafoni

Tiyerekeze kuti ndinu kapitawo ndipo mukufuna kudzudzula wantchito amene walakwitsa powerengera ndalama. Mukalemba pa WhatsApp kuti "Tikambirane za ndalama zija," mnzanuyo angaganize kuti mukumunena kuba. Mawu olembedwa alibe kamvekedwe. Wowerenga amawapatsa yekha, ndipo munthu amene ali ndi mantha amawapatsa koipa. Timizere tiwiri tabuluu tikaoneka koma yankho osabwera, inunso mumayamba kuganiza kuti wakwiya, pomwe mwina ali m'minibasi.

Nkhani yotere imafuna kuimba foni. Yambani ndi kufunsa ngati ali pamalo poti angalankhule momasuka, chifukwa wina amayankha ali pakati pa anthu. Mukamva kuti wakhala chete kapena mawu akunjenjemera, mungathe kufewetsa pomwepo n'kunena kuti vuto ndi kuwerengera, osati kukhulupirika kwake. Nayenso amapeza mpata wofotokoza mbali yake musanagamule.

Koma foni siisiya umboni, ndipo mawa aliyense amakumbukira zake. Apa ndiye pamene imelo imagwira ntchito. Mukatha kulankhulana, lembani mwachidule zimene mwagwirizana, kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku lokonza. Musaikemo mawu aukali, ndipo onetsetsani amene ali pa `Cc`, pakuti kuonjezerapo bwana wamkulu kumasandutsa chikumbutso kukhala mlandu.

Uthenga wapafoni ungogwira ntchito yopempha nthawi: "Ndingakuimbireni liti? Ndi za lipoti, si zoopsa." Kumbukiraninso kuti chilichonse cholembedwa chingathe kujambulidwa n'kutumizidwa kwa ena, choncho musalembe zimene simungafune kuti anthu ena awerenge.