Kudziwa Katundu Wotchipa Powerengera Mtengo wa Kilogalamu

Mtengo wolembedwa pa paketi umangonena ndalama zimene wogula apereke, koma susonyeza ngati katunduyo ndi wotchipa. Kuti mapaketi osiyana kukula ayerekezedwe bwino, onse ayenera kuikidwa pa muyeso umodzi. Muyeso wosavuta ndi kilogalamu imodzi, yomwe ndi magalamu 1,000.

Masamu ake ndi ochepa. Mtengo umagawidwa ndi magalamu olembedwa pa paketi, kenaka yankho limachulukitsidwa ndi 1,000. Ngati kulemera kwalembedwa m'makilogalamu, kugawa kokha n'kokwanira.

Mwachitsanzo, sitolo ina ikhoza kugulitsa sopo waufa wa mtundu umodzi m'mapaketi awiri. La magalamu 500 lili pa K2,400, pomwe la makilogalamu awiri lili pa K10,400. Paketi laling'onolo liyenera kugulidwa kawiri kuti likwane kilogalamu, choncho kilogalamu yake ndi K4,800. Lalikululo likagawidwa pawiri, kilogalamu ikufika pa K5,200. Wotenga paketi lalikulu akuluza K400 pa kilogalamu iliyonse, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse. Kawirikawiri chimatchipadi, poti wopanga amawononga zochepa pa zokutira, koma si lamulo.

Njira yomweyo imayeza katundu amene akuti watsitsidwa mtengo. Sopo yemweyo akabwera pa K2,000 koma m'paketi la magalamu 400, kilogalamu yake ndi K5,000. Mtengo waoneka ngati watsika, chikhalirecho wakwera ndi K200, chifukwa chimene chachepa kwambiri ndi sopo wa m'katimo. Koma sitolo ikamanga pamodzi mapaketi atatu a magalamu 500 n'kuwaika pa K6,600, wogula akulandira kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo kilogalamu ikugwera pa K4,400. Kumeneku ndiye kutsitsa kwenikweni.

Pali zinthu zingapo zimene zimasokoneza masamuwa. Kulemera koyenera kugwiritsidwa ntchito ndi kwa katundu yekha, kopanda botolo kapena chitini. Malita sayerekezedwa ndi makilogalamu, poti lita imodzi ya mafuta ophikira sikwana kilogalamu. Zamadzimadzi ziwerengeredwe pa lita. Komanso zinthu zoyerekezedwazo zikhale zofanana ubwino wake, chifukwa sopo wotchipa wofuna kuthira wambiri pochapa amatha msanga.

Ngakhale mtengo wa kilogalamu utsike chotani, phindu limakhalapo pokhapokha katundu yense akagwira ntchito. Sopo waufa amakhalitsa akasungidwa pouma, koma ufa wa chimanga umachita anankafumbwe ndi nkhungu ukakhala nthawi yaitali. Banja likagula thumba la makilogalamu 10 n'kutayapo awiri, ndalama zonse zija zagula makilogalamu 8 okha, ndipo mtengo wa kilogalamu wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake wogula ayenera kuonanso tsiku lothera mphamvu la katunduyo ndi kuchuluka kwa zimene banja lake limagwiritsa ntchito pa mwezi.