Kakompyuta kakamaphethira, mota imanjenjemera

Lamba wonyamula matumba m'fakitale amayendetsedwa ndi mota, ndipo motayo iyenera kuzungulira pa liwiro limodzi kaya pa lambapo pali matumba awiri kapena khumi. Katundu akachuluka mota imafooka, choncho pamafunika chiwongolero: chipangizo chomwe chimayeza liwiro, n'kuona kuti laperewera bwanji, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa magetsi opita ku mota. Kale ziwongolero zotere ankazipanga ndi tizipangizo tamagetsi tolumikizidwa ndi mawaya, ndipo zinkayang'ana mota mosalekeza. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi kakompyuta kakang'ono kuposa bokosi la machesi. Koma kakompyuta sikayang'ana mosalekeza. Kamasuzumira, kuwerengera, kupereka lamulo, kenako n'kudikira. Nthawi ya pakati pa kusuzumira kuwiri akatswiri amailemba ndi chilembo T.

Chodabwitsa n'chakuti mainjiniya ambiri amakonzabe chiwongolero chawo pa pepala ngati chosaphethira, chifukwa masamu ake ndi ozolowereka ndipo amalongosola bwino khalidwe la mota. Akamaliza m'pamene amachisandutsa kukhala malamulo amene kakompyuta kangatsatire. Njira yotchuka yochitira zimenezi imadziwika ndi dzina la Arnold Tustin, injiniya wa ku Britain yemwe analemba za maganizo amenewa mu 1947 ndipo anaphunzitsa pa yunivesite ya Birmingham.

Tiyeni titenge mota imodzi kuti tione bwino. Mota yathu tikaiwonjezera muyezo umodzi wa magetsi, liwiro lake limakwera ndi maulendo 2 pa mphindi, koma osati nthawi yomweyo: pakatha masekondi 0.2 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kukwerako. Chiwongolero chake ndi chamtundu wofala kwambiri, wotchedwa PI, ndipo chili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba imayang'ana kuperewera kwa liwiro kwa panopa n'kuchulukitsa ndi nambala `Kp`. Mbali yachiwiri imasonkhanitsa kuperewera konse kuyambira kale n'kuchulukitsa ndi `Ki`, ndipo ndiyo imaonetsetsa kuti pamapeto pake mota ifike ndendende pa liwiro lofunidwa. Pa pepala chimalembedwa motere:

```
C(s) = Kp + Ki/s        Kp = 2,  Ki = 10
```

Chilembo `s` chisakuopseni. Pano kugawa ndi `s` kukungotanthauza kusonkhanitsa kosalekeza kuja. Vuto la kakompyuta ndi lakuti sikadziwa zomwe zachitika pamene sikamayang'ana. Kanaona kuti liwiro laperewera ndi 100, ndipo katasuzumiranso kapeza kuti laperewera ndi 80. Nanga pakatipo kawerengere chiyani? Kakatenga 100 kachulutsa, kakatenga 80 kachepetsa. Njira ya Tustin imati tenga pakati, 90, uchulukitse ndi T, uwonjezere pa zomwe unasonkhanitsa kale. Nzeru yake yonse ndi imeneyi. M'mabuku imaoneka yoopsa pang'ono chifukwa amailemba ndi chilembo `z`, chomwe chimaimira kusuntha sitepe imodzi ya nthawi:

```
s = (2/T) * (z - 1)/(z + 1)
```

Paliponse pamene pali `s` mumaikapo zimenezi, n'kukonza bwino masamuwo. Pa chiwongolero chathu zotsatira zake ndi mzere umodzi womwe kakompyuta kamabwereza nthawi iliyonse kakasuzumira:

```
u = u_kale + (Kp + Ki*T/2)*e - (Kp - Ki*T/2)*e_kale
```

Apa `e` ndi kuperewera kwa liwiro kwa panopa, `e_kale` ndi kwa ulendo wapitawo, ndipo `u` ndi muyezo wa magetsi opita ku mota. Amene ali ndi pulogalamu ya MATLAB amangolemba `c2d(C, T, 'tustin')` manambala n'kutuluka okha.

Njirayi anthu amaikonda pa chifukwa chomveka. Chiwongolero chomwe chinali chokhazikika pa pepala chimakhalabe chokhazikika chikasandutsidwa, kaya T ndi wamkulu bwanji. Njira yapafupi yongotenga nambala yakale ija, 100, ilibe chitsimikizo chotere. Koma apa m'pamene ambiri amapusitsika. Lonjezolo likukhudza chiwongolero pachokha. Silikunena chilichonse za chiwongolero chikalumikizidwa ndi mota.

Tiyese T wa masekondi 0.01, kutanthauza kusuzumira ka 100 pa sekondi. Manambala awiri a mu mzere uja akhala 2.05 ndi 1.95. Mota ikuzungulira maulendo 1,000 pa mphindi ndipo taiuza kuti ifike pa 1,100. Kuperewera kumayamba pa 100, n'kutsika kufika pa 80, kenako 64, kenako 51. Pakatha masekondi 0.1 kwatsala 11 basi, pamene chiwongolero cha pa pepala chikanasiya pafupifupi 14. Kusiyana kwake ngakhale makaniko wa khutu lakuthwa sangakumve.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha: T akhale masekondi 0.1. Masamu a Tustin atipatsa 2.5 ndi 1.5, ndipo palibe cholakwika ndi manambalawa. Kakompyuta kaona kuperewera kwa 100, kawonjezera magetsi ndi miyezo 250, n'kutseka maso. Magetsi amenewo akhala chomwecho mpaka kadzasuzumirenso. Pa chiwongolero chosaphethira akanayamba kutsika nthawi yomweyo mota itayamba kuthamanga, koma pano palibe wowatsitsa. Kakompyuta kakamatsegula maso, mota ili pa 1,197. Kadzidzimuka, kadula magetsi kwambiri, ndipo ulendo wotsatira mota yabwerera pa 1,008. Imangokhalira kupitirira ndi kubwerera, ndipo kugwedezekako kumachepa ndi magawo anayi okha pa 100 alionse pa sitepe iliyonse. Lamba amadumphadumpha, magiya amalira, mota imatentha. T akangofika pa 0.11, kugwedezeka kumakula m'malo mochepa, mpaka magetsi afike pa malire ake kapena chitetezo chizimitse makina.

Zili ngati wakabaza amene amatsegula maso kamodzi pa masekondi angapo. Akaona kuti akupatukira kumanzere amakhotetsa handulo kumanja n'kutsinzina, ndipo akamatsegulanso maso ali kale pafupi ndi ngalande ya mbali inayo. Dzanja lake silikulakwitsa, koma likugwira ntchito ndi nkhani yakale.

Pa masamu zimatere: lamulo lomwe limaperekedwa n'kugwiritsitsidwa kwa nthawi T limakhala ngati lachedwa ndi theka la T. Kuchedwa kumeneku sikuli m'chiwongolero, kotero njira ya Tustin sikuona. Ndipo ngati pulogalamu inalembedwa moti kakompyuta kamayeza panopa koma n'kutumiza lamulo pa sitepe yotsatira, kuchedwako kumawonjezeka ndi T wathunthu. Pa mota yathuyi zikatero malire amatsika kuchoka pa 0.1 kufika pa 0.05. Munthu akhoza kukhala ndi manambala olondola onse, makina n'kumagwedezekabe chifukwa cha malo amene anaika mzere umodzi wa pulogalamu.

Matendawa ali ndi chizindikiro chake. Mukajambula liwiro la mota n'kuona kuti likukwera pa sitepe ina n'kutsika pa yotsatira, mosinthanasinthana chomwecho, kayikirani T musanakhudze china chilichonse. Muchepetseni ndi theka, muwerengerenso manambala awiri aja, muone ngati kugwedezeka kwatha. Ambiri amathamangira kutsitsa `Kp`. Mota imakhaladi bata, koma imasanduka yaulesi, ndipo katundu akachuluka mwadzidzidzi imachedwa kubwerera pa liwiro lake.

Nanga T woyenera ndi uti? Langizo lofala ndi lakuti kakompyuta kasuzumire mofulumira kuwirikiza ka 10 mpaka ka 30 kuposa mmene makina olumikizidwa ndi chiwongolero amatha kusinthira. Makina athuwa amatha kutsatira kusintha kwa liwiro kobwerezabwereza pafupifupi katatu pa sekondi, choncho kusuzumira ka 30 mpaka ka 100 pa sekondi n'kokwanira. Ine ndingasankhe chakumtunda, chifukwa pulogalamu yeniyeni nthawi zonse imakhala ndi tizichedwa tina tomwe pa pepala panalibe.

Wina angafunse kuti bwanji osangosuzumira ka 10,000 pa sekondi n'kuiwala za nkhaniyi. Taonani zimene zimachitikira manambala: T akakhala 0.0001 amasanduka 2.0005 ndi 1.9995. Mphamvu yonse ya mbali yosonkhanitsa ija yabisala mu kusiyana kwa manambala awiriwa, 0.001. Kakompyuta kotchipa komwe sikasunga tizigawo tating'ono chonchi kakaona onse awiri ngati 2, mbali yosonkhanitsa yafa, ndipo mota sidzafikanso ndendende pa 1,100. Choyezera liwiro nachonso chimavutika, poti m'kanthawi kochepa chotere shafiti imakhala isanasunthe mokwanira kuti muyezo ukhale wodalirika.

Njira ya Tustin ili ndi chilema chake chenicheni, ndipo chimaonekera pa zinthu zogwedezeka mofulumira. Magetsi a m'nyumba ku Malawi, ku Zambia ndi m'mayiko ambiri amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo phokoso lake limalowerera m'mawaya a zoyezera. Injiniya akhoza kukonza sefa yotsekereza kugwedezeka kwa 50 kokhako. Akaisandutsa ndi njira ya Tustin pa kakompyuta kosuzumira ka 1,000 pa sekondi, sefayo imakagwera pa 49.6, pafupi ndithu. Koma pa kakompyuta kosuzumira ka 200 imakagwera pa 42.4, phokoso la 50 n'kumadutsa pafupifupi lonse ngati sefayo ndi yopapatiza. Chifukwa chake n'chakuti njirayi imapanikiza kugwedezeka konse kwa pa pepala, ngakhale kofulumira chotani, kuti kukwane pansi pa theka la liwiro la kusuzumira, lomwe pano ndi 100. Zapansi sizisuntha kwenikweni, koma zoyandikira malirewo zimakankhidwa kwambiri. Mankhwala ake ndi osavuta: mumasankha malo amodzi ofunika kwambiri n'kusintha `2/T` kuti malo amenewo agwere pomwe payenera.

```
s = (w0 / tan(w0*T/2)) * (z - 1)/(z + 1)      w0 = 2*pi*50
```

Pa kusuzumira ka 200, nambala yomwe ikanakhala 400 imasanduka 314, ndipo sefa imabwerera pa 50. Malo ena onse amakhalabe osunthika pang'ono, kotero kukonzaku kumagwira pa malo amodzi okha.

Chotsala ndi chinthu chimene chimagwetsa ophunzira ambiri oyesa zimenezi pa Arduino. Manambala 2.05 ndi 1.95 ndi oona pokhapokha T akhaledi 0.01 ulendo uliwonse. Pulogalamu yomwe imadikira ndi `delay(10)` kenako n'kutumiza mauthenga ataliatali ndi `Serial.print` ikhoza kumatenga nthawi yoposa pamenepo, ndiponso yosinthasintha. Mzere wa chiwongolero uziyitanidwa ndi wotchi ya mkati mwa kakompyuta pa nthawi yokhazikika, lamulo lizitumizidwa ku mota mukangomaliza kuwerengera, ndipo zolembalemba pa sikirini zizibwera pambuyo pake.