Mukasakaniza 5% ndi 50%, mupeza mphamvu yanji?

Mwana wobadwa kumene akachepa shuga m'magazi, achipatala amamupatsa madzi a shuga kudzera mumtsempha, ndipo kawirikawiri amafuna amphamvu ya 10%. Koma si nthawi zonse pamene madzi a 10% amapezeka pashelefu. Nthawi zina namwino amangopeza mitundu iwiri: dilipi ya 5% ndi kabotolo ka 50%. Ya 5% ndi yofooka, moti kuti mwana alandire shuga wokwanira pangafunike madzi ambiri kuposa amene thupi lake lingathe kulandira. Ya 50% ndi yamphamvu kwambiri, imawononga timitsempha ta khanda. Chotsala n'kusakaniza ziwirizi. Koma zochuluka bwanji mbali iyi, zochuluka bwanji mbali inayo?

Funsoli ndi lomwe lija ana a sekondale amakumana nalo m'masamu, la madzi awiri osiyana mphamvu othiridwa m'chotengera chimodzi. Ambiri amaliopa chifukwa amaloweza njira osamvetsa chimene chikuchitika m'chotengeramo. Chonsecho mfundo yake ndi imodzi: mukasakaniza, maperesenti sawonkhetsedwa. Chimene chimawonkhetsedwa ndi shuga amene ali m'madzimo, komanso kuchuluka kwa madziwo.

Peresenti ikutanthauzanji pa botolo?

Pa madzi a shuga a kuchipatala, 5% ikutanthauza kuti m'mamililita 100 alionse muli magalamu 5 a shuga. Nayo 50% ikutanthauza magalamu 50 m'mamililita 100. Choncho peresenti sikutiuza kuchuluka kwa shuga yense amene tili naye. Ikutiuza kukhathamira kwake. Lita imodzi ya 5% ili ndi magalamu 50 a shuga, chimodzimodzi ndi mamililita 100 a 50%, ngakhale kuti mphamvu zake n'zosiyana kutali.

Tsopano tithire mamililita 100 a 5% ndi mamililita 100 a 50% m'chotengera chimodzi. Wina anganene msanga kuti tapeza 55%. Koma tiwerenge bwinobwino. Shuga ndi magalamu 5 kuphatikiza magalamu 50, onse pamodzi 55. Madzi nawo si 100 ayi, afika mamililita 200. Magalamu 55 m'mamililita 200 ndiye kuti magalamu 27.5 m'mamililita 100 alionse. Mphamvu yake ndi 27.5%.

Pamenepa pali lamulo loyenera kulisunga. Chosakaniza sichingapose champhamvu mwa ziwirizo, ndipo sichingafooke kuposa chofooka. Mukathira tiyi wosamveka shuga m'tiyi wotsekemera, sangatsekemere kuposa mmene analili. Yankho lililonse la funso lathu liyenera kukhala pakati pa 5 ndi 50. Mukapeza 55 kapena 3, palakwika penapake.

Onaninso kuti 27.5% ili pakatikati penipeni pa 5 ndi 50. Zatero chifukwa tinathira mofanana. Kuwonkhetsa maperesenti awiri n'kugawa ndi 2 kumagwira ntchito pokhapokha miyeso ikakhala yofanana. Ikangosiyana, mphamvu imapendekera kumbali imene yachuluka. Ndipo kwa khanda lija, 27.5% ndi pafupifupi kuwirikiza katatu mphamvu imene ikufunika.

Chotsala cha uyu chikwanire chopelewera cha uyo

Ife tikufuna 10%, kutanthauza magalamu 10 m'mamililita 100 alionse. Tiyang'ane madzi athu awiriwa poyerekeza ndi cholingacho.

Mamililita 100 a 5% ali ndi magalamu 5. Akupelewera ndi magalamu 5 kuti afike pa 10. Mamililita 100 a 50% ali ndi magalamu 50. Apitirira ndi magalamu 40. Kusakaniza kwenikweni n'kutenga shuga wopitirirayu n'kukakwaniritsa kumene kukupelewera. Ndiye funso lasanduka losavuta: magalamu 40 otsalawa angakwanire miyeso ingati, ngati muyeso uliwonse ukusowa magalamu 5? Tikagawa 40 ndi 5 tipeza 8. Gawo limodzi la 50% likufuna magawo 8 a 5%. Pamasamu timalemba 1:8.

Tiyese ngati zili zoona. Mamililita 100 a 50% akutipatsa magalamu 50. Mamililita 800 a 5% akutipatsa magalamu 40. Shuga yense ndi magalamu 90, madzi onse ndi mamililita 900. Magalamu 90 m'mamililita 900 ndi magalamu 10 pa 100 alionse. Tafika pa 10% ndendende.

Njira yachidule imene ena amajambula ngati mtanda imachokera pomwepa. Mumachotsera cholinga ku mphamvu yaikulu, 50 − 10 = 40, kenako mumachotsera mphamvu yaing'ono ku cholinga, 10 − 5 = 5. Mayankho awiriwa amasinthana malo: 40 amapita kwa madzi ofooka, 5 amapita kwa amphamvu. Magawo 5 a amphamvu pa magawo 40 a ofooka, tikachepetsa, ndi 1:8 yemwe uja. Amasinthana chifukwa madzi amene ali kutali ndi cholinga amasintha chosakaniza kwambiri, choncho amafunika ochepa.

Kuchoka pa magawo kufika pa mamililita

Kudziwa 1:8 sikokwanira, pakuti munthu amapima ndi mamililita. Tinene kuti tikufuna mamililita 450 a 10%. Magawo onse ndi 1 kuphatikiza 8, ndiye kuti 9. Tikagawa 450 ndi 9, gawo lililonse ndi mamililita 50. Tithira mamililita 50 a 50% ndi mamililita 400 a 5%. Shuga wake ndi magalamu 25 kuphatikiza magalamu 20, onse 45, ndipo 45 mu 450 ndi 10%.

Wophunzira amene mayeso akumufunsa kuti agwiritse ntchito chilembo angachite chonchi. Mamililita a 50% awatche x. Otsalawo, a 5%, ndi 450 − x. Shuga wa mbali ziwiri ayenera kufanana ndi shuga wa chosakaniza:

50x + 5(450 − x) = 10 × 450
45x = 2250
x = 50

Mzere woyambawo ukungonena zomwe takhala tikunena: shuga amene walowa ndi yemweyo amene ali m'chotengera. Palibe watayika, palibe wobwera kuchokera kwina.

Pamene anthu amaphonya

Kuphonya koyamba n'kusemphanitsa magawo. Munthu wapeza 1 ndi 8 molondola, koma wathira magawo 8 a 50% ndi gawo limodzi la 5%. Chotuluka ndi 45%, pafupifupi kabotolo kamphamvu kaja mmene kalili. Kulakwitsaku kumagwidwa ndi maso okha. Nambala 10 ili pafupi ndi 5 kusiyana ndi 50, choncho madzi a 5% ndi amene ayenera kuchuluka. Yankho likanena zosiyana, bwererani.

Kuphonya kwachiwiri n'kosaoneka msanga. Mawu akuti gawo limodzi pa magawo 8 ena amawamva ngati gawo limodzi mwa magawo 8. Koma 1:8 ili ndi magawo 9, ndipo madzi amphamvu ndi gawo limodzi mwa 9. Wogawa 450 ndi 8 apeza mamililita opitirira pang'ono 56 m'malo mwa 50, ndipo chosakaniza chake chikwera kufika cha m'ma 10.6%. Musanagawe kuchuluka kwa madzi onse, yambani mwawonkhetsa magawo.

Palinso kusiyana pakati pa yankho lenileni ndi muyeso wosavuta kupima. Achipatala ena amatenga dilipi ya mamililita 500 ya 5%, n'kuchotsamo mamililita 50, n'kubwezeramo mamililita 50 a 50%. Umenewu ndi muyeso wa 1:9. Shuga wake ndi magalamu 22.5 kuphatikiza 25, onse 47.5, ndipo mu 500 akupereka 9.5%. Ili pafupi ndi 10%, ndipo n'chifukwa chake muyesowu umagwiritsidwa ntchito, koma pa mayeso a masamu yankho ndi 1:8. Kusankha muyeso woti mwana alandire ndi udindo wa ogwira ntchito zachipatala potsata malamulo awo. Si chinthu chochitira kunyumba.

Madzi wamba nawo ali ndi peresenti

Kusungunula mankhwala ndi madzi ndi funso lomweli, kungoti madzi opanda kanthu mphamvu yake ndi 0%. Tengani jiki amene botolo lake lalembedwa 3.5%, ndipo mukufuna 0.5% yopukutira malo oipitsidwa. Jikiyo wapitirira ndi 3, madzi akupelewera ndi 0.5. Tikagawa 3 ndi 0.5 tipeza 6. Kapu imodzi ya jiki pa makapu 6 a madzi, onse pamodzi makapu 7. Ngati botolo lalembedwa 5%, chopitirira ndi 4.5, ndipo makapu a madzi akhala 9. Ichi n'chifukwa chake muyeso umene munamva kwa mnzanu sungakhale woona musanawerenge zimene zalembedwa pa botolo lanu.

Pamene masamuwa amathera

Njirayi imadalira zinthu zitatu. Choyamba, maperesenti onse awiri akhale akupima mofanana. Ena amanena za magalamu m'mamililita 100, ena za magalamu m'magalamu 100, enanso, monga a sipiriti, za mamililita m'mamililita 100. Simungaike mitundu iwiri mumzere umodzi.

Chachiwiri, timaganiza kuti mamililita 50 ndi mamililita 400 apereka 450. Pa madzi a shuga kusiyana kwake n'kochepa zedi. Koma mukasakaniza mamililita 50 a sipiriti weniweni ndi mamililita 50 a madzi, mupeza pafupifupi 96, osati 100, chifukwa tizidutswa ta zinthu ziwirizi timayandikana kwambiri tikakumana. Mabuku a sukulu amalambalala zimenezi, koma opanga mankhwala sazilambalala: amathira champhamvucho, kenako n'kuwonjezera madzi mpaka afike pa mzere wofunikawo.

Chachitatu, chinthu chosungunukacho chikhale chimodzi mbali zonse ziwiri, ndipo mphamvu yolembedwa ikhale yoona. Jiki wokhalitsa padzuwa kapena wosatsekedwa bwino amachepa mphamvu, moti 3.5% ya pabotolo imakhala itatsika kale. Ndipo masamuwa sakunena za kusakaniza mankhwala osiyana. Jiki akakumana ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya wa poizoni, kaya mwapima bwino chotani.

Zinthu zitatuzi zikakhala m'malo, yankho lililonse mutha kudzichongera nokha musanalipereke kwa aphunzitsi kapena musanathire kanthu. Werengani magalamu ochokera mbali iyi, werengani ochokera mbali inayo, awonkhetseni, kenako gawani ndi madzi onse. Yesani pa funso ili: muli ndi 70% ndi 20%, mukufuna malita 10 a 40%. Chopitirira ndi 30, chopelewera ndi 20, choncho magawo 2 a 70% akufuna magawo 3 a 20%, ndiye kuti malita 4 ndi malita 6. Mukachulukitsa 4 ndi 70, ndi 6 ndi 20, mupeza 280 ndi 120, pamodzi 400. Gawani ndi malita 10, ndipo 40 ituluka.